Mitengo, anthu ndi magalimoto pa renda ya nyumba ya maofesi ku Lilongwe: lipoti la ntchito

Nyumba yake ndi yosanja, pansi pali mashopu ndipo pamwamba pali maofesi. M'litali ndi mamita 24, kuchokera pansi kufika kudenga ndi mamita 7.5, ndipo kumaso kwake kwaloza kumpoto, kumene kwadutsa msewu wochokera kummawa kupita kumadzulo. Makoma ndi a pulasitala yoyererako. Zinthu zimene katswiri wa mapulani anafuna kuti munthu azione msanga zinali ziwiri: kadenga kofiirira ka pakhomo lalikulu, ndi denga lotulukira kunja mamita 1.2 limene limatchinga dzuwa pamawindo a pamwamba. Ine anandipatsa modelo ya nyumbayo ya mu pulogalamu ya SketchUp, mapu a puloti oonetsa mitengo imene ilipo kale, ndi renda ina, chithunzi cha pakompyuta choonetsa mmene nyumbayo idzaonekere, imene inapangidwa kwina. Anandipempha chithunzi chimodzi cha masana choti eni nyumba akaonetse ofuna kuchita lendi.

Renda yakaleyo sinali yoipa pa nyumba yeniyeniyo. Makoma, magalasi ndi malata zinatuluka bwino. Koma amayi eni nyumba ataiona pafoni, funso lawo loyamba linali lakuti, "Kodi galimoto yofiirayo ndi ya ndani, achimwene?" Kenako anafunsa ngati mitengo yamaluwa ija iwerengedwe pa ndalama zomangira. Za kadenga ka pakhomo sananenepo kanthu, poti sanakaone. Galimoto yofiira inaima patsogolo penipeni, mtengo wa jakaranda wodzaza maluwa unaphimba ngodya ya denga, ndipo pabwalo panali anthu ambirimbiri a kunja atavala majekete a kozizira, ena mapazi ali m'malere.

Maganizo anga pa ntchito yotere ndi akuti chilichonse chowonjezera chiyenera kumvera kamera imodzi, dzuwa limodzi ndi nyengo imodzi ndi nyumbayo, ndipo chisalankhule mokweza kuposa nyumba. Kukongola kwa mtengo kapena galimoto pakokha kulibe ntchito. N'chifukwa chake sindinayambe ndi kusankha mitengo.

Dzuwa linali la dziko lina

Nditatsegula modelo ndinapita ku `Model Info`, pa `Geo-location`, ndipo ndinapeza kuti malo sanaikidwe. SketchUp ikapanda kuuzidwa malo imawerengera dzuwa ngati nyumba ili ku Boulder, m'chigawo cha Colorado ku America, madigiri 40 kumpoto kwa ikweta. Kumeneko dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse. Lilongwe ili madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta, ndiye m'miyezi yozizira dzuwa lathu limadzera kumpoto. Pa renda yakaleyo khoma la kumaso, limene m'mwezi wa Juni limawombedwa dzuwa tsiku lonse, linali mumthunzi, ndipo wojambulayo analiwalitsa ndi manja mu Photoshop. Denga lotulukira lija linalibe mthunzi wake, choncho ntchito yake sinaoneke.

Ndinaika malo pa `Set Manual Location`, nthawi `UTC+02:00`, n'kuonetsetsa kuti kumaso kwa nyumba kwaloza mzere wobiriwira, umene SketchUp imautenga ngati kumpoto. Tsiku ndinasankha 21 Juni, nthawi ya 10 koloko m'mawa. Pa nthawi imeneyo ku Lilongwe dzuwa limakhala litakwera madigiri pafupifupi 44, ndipo limakhala kumpoto chakummawa. Zimenezi zinandipatsa zinthu ziwiri zothandiza. Mthunzi wa denga unatsika pakhoma mamita pafupifupi 1.4, n'kuphimba mbali ya pamwamba ya mawindo monga mmene katswiri uja ankafunira. Komanso dzuwa likakhala pafupi ndi madigiri 45, chithunzithunzi cha chinthu chimatalika mofanana ndi chinthucho, ndiye n'zosavuta kuona ngati chithunzithunzi cha munthu kapena cha mtengo chalakwika.

Disembala sindinamusankhe dala. Masana a mwezi umenewo dzuwa limakhala pamutu, madigiri oposa 80, ndiponso chakummwera pang'ono, kotero kumaso kwa nyumbayi kukanakhala mumthunzi.

Kamera ndinaiimika kutsidya kwa msewu, cha kungodya ya kumpoto chakumadzulo, kuyang'ana nyumba mopingasa. Khoma lakumaso lowala linagwa kumanzere kwa chithunzi, khoma lakumadzulo lamthunzi kumanja. Kuwala kunachokera kumanzere ndi kumbuyo pang'ono kwa kamera, mithunzi yonse n'kugwera kumanja. Mfundo imeneyi, yoti kuwala kukuchokera kumanzere, ndiyo inasankha zithunzi za anthu zimene ndikanagwiritsa ntchito ndi zimene ndinataya.

Mzere wa maso

Apa ndi pamene ma renda ambiri amagwera, ndipo ndi pamene ndimathera nthawi yambiri ndi anyamata ophunzira ntchito. Kamera ndinaiika pa msinkhu wa mamita 1.6 kuchokera pansi, pa `Eye Height`, n'kuyatsa `Two-Point Perspective` kuti mizere yoimirira ikhale yoongoka. Zikatero pachithunzi pamakhala mzere umodzi wopingasa umene uli pa msinkhu wa kamera. Chinthu chilichonse chotalika mamita 1.6 choima pa nthaka yosalazika chimagunda mzere umenewu ndi mutu wake, kaya chili pafupi kaya chili kutali. Munthu wakutali amachepa chifukwa mapazi ake amakwera kuyandikira mzerewo, osati chifukwa mutu wake watsika. Pa renda yakale mitu ya anthu inali uku ndi uku, wina wapafupi mutu uli pansi kwambiri ngati mwana, wina wakutali mutu ukugunda pamwamba pa chitseko. Maso a munthu amaona msanga kuti china chake sichili bwino ngakhale sangachitchule.

Kuti ndipeze mzerewo ndinajambula kachingwe kuzungulira nyumba mu modelo pa msinkhu wa 1.6, n'kutulutsa chithunzi chake padera, kenako mu Photoshop ndinakokera mzere wolondolera pamenepo. Chithunzi chonse chinali cha mapikiseli 4000 m'lifupi. Kukula kwa munthu aliyense ndinakupeza ndi masamu awa:

```
H = (h / 1.6) x d
```

Apa `h` ndi msinkhu weniweni wa munthu m'mamita, `d` ndi mapikiseli kuchokera pa mzere wa maso kutsika kufika pamapazi ake, ndipo `H` ndi kutalika kwake pachithunzi. Bambo wa mamita 1.7 amene mapazi ake ali mapikiseli 400 pansi pa mzere ayenera kukhala mapikiseli 425, mutu wake kupitirira mzere pang'ono. Mayi wa mamita 1.6 ataima pomwepo ndi mapikiseli 400, mutu wake pa mzere penipeni.

Masamuwa amasiya kugwira ntchito nthaka ikasintha msinkhu, ndipo pa nyumbayi inasintha. Khonde la mashopu lakwera masitepe atatu a masentimita 15, pamodzi mamita 0.45. Munthu woima pakhonde mapazi ake ali mamita 1.15 pansi pa kamera, osati 1.6, ndiye mu masamu muja mumalowa 1.15. Bambo amene ndinamuimika pafupi ndi khomo mapazi ake anali mapikiseli 115 pansi pa mzere, kusonyeza kuti mita imodzi pamalopo ndi mapikiseli 100. Ndinamupanga mapikiseli 170, mutu wake n'kupitirira mzere ndi 55. Ndikanamukakamiza kuti mutu ugunde mzere ngati anzake a pabwalo, akanafupika kwambiri, ndipo chitseko cha mamita 2.1 chikanaoneka ngati cha tchalitchi. Nyumba imanamiziridwa kukula mwa njira imeneyi, ndipo wochita lendi akabwera kudzaona malo enieni amakhumudwa.

Mitengo ya pamalopo, pa nyengo yake

Mapu a puloti anaonetsa mitengo iwiri yosadulidwa: mango kumbuyo chakummawa, ndi msangu waukulu pafupi ndi mpanda wa kumadzulo. Ndinayamba ndi imeneyi, pamalo ake ndi pa msinkhu wake. Msangu unandikomera chifukwa khalidwe lake ndi losiyana ndi mitengo ina: umayoyola masamba m'nyengo ya mvula n'kuphuka m'chilimwe, ndiye m'mwezi wa Juni umakhala ndi masamba. Masamba ake ndi aang'ono, obiriwira motuwa, ndipo kuwala kumadutsa. Kumbali yamthunzi ya nyumba unadzaza malo amene akanangokhala thambo, popanda kukoka maso. M'nkhokwe za mitengo ya m'makompyuta msangu simuupeza kawirikawiri, choncho ndinatenga mtengo wa mtundu wa mthethe wofanana nawo nthambi, n'kutuwitsa masamba ake ndi kuukweza kuti ufanane ndi chithunzi cha pafoni chimene ndinajambula pamalopo.

Jakaranda wamaluwa ndinamuchotsa. Maluwa ake amabwera cha mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa litayandikira kale pamutu, udzu utauma ndipo thambo litatuwa ndi fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Kumuika pansi pa dzuwa la Juni, pa kapinga wobiriwira ngati wa mu Febuluwale, n'kusakaniza nyengo zitatu pa chithunzi chimodzi. Munthu wa ku Lilongwe amazindikira, ngakhale osaganizira. Kuwonjezera apo, mtundu wa maluwawo ndi wolimba kwambiri moti palibe khoma loyera limene lingapikisane nawo. Udzu wa m'mbali mwa msewu ndinaupatsa mtundu wa Juni, wobiriwira wopita kuchikasu, ndi timalo ta dothi lofiira mmene anthu amadutsa. Kapinga wothiriridwa ndinamusiya pakabedi kamodzi ka pakhomo.

Pa mapulani panali mitengo inayi yodzabzala pamalo oimika magalimoto. Apa tinakambirana ndi katswiri wa mapulani. Iwo ankafuna ioneke yaikulu, yopereka mthunzi. Ine ndinati, "Bwana, tikaiika ya zaka makumi awiri iphimba mawindo onse a pamwamba, komanso amayi aja adzafunsa kuti mitengoyo ili kuti tsiku lotsegulira." Tinagwirizana kuionetsa ya msinkhu wa mamita anayi kapena asanu, thunthu lopanda nthambi mpaka mamita awiri kuti mashopu azioneka kunsi kwa nthambi. Inayi yonseyo inachokera ku modelo imodzi, ndiye uliwonse ndinautembenuza mosiyana ndi kuusintha kukula pang'ono, pakati pa 0.85 ndi 1.15. Mitengo iwiri yofanana ndendende ikaima moyandikana, munthu amasiya kuyang'ana nyumba n'kuyamba kufananiza nthambi. Yonse ndinailowetsa ngati `V-Ray Proxy`, njira yopeputsira modelo zolemera, apo ayi kompyuta imalemedwa n'kuyamba kukwawa.

Mtengo umodzi wa inayiwo unagwa patsogolo penipeni pa kadenga ka pakhomo. Sindinausunthe pa puloti, poti pamenepo ndi pamene mapulani anauika. Ndinasuntha kamera mamita awiri chakumadzulo mpaka mtengowo unapatuka. Malo atatu ndinawasunga opanda tsamba lililonse: khomo, ngodya yapafupi ya nyumba kuchokera pansi mpaka kudenga, ndi mzere wa denga kumaso. Zimenezi zikaoneka, munthu amamvetsa maonekedwe a nyumba ngakhale zina zitabisika.

Mtengo umene unagwira ntchito yaikulu suoneka n'komwe. Kutsidya kwa msewu, kumanzere kwa kamera, kuli mzere wa mitengo ya keshya, ndipo ndinaimika umodzi kunja kwa chithunzi kuti mthunzi wake ugwere pa tala ya patsogolo. Tala yowala imadya gawo lalikulu la pansi pa chithunzi, ndipo ikakhala yoyera imakoka maso kutsika. Itadetsedwa ndi mthunzi wa masamba, malo owala kwambiri anatsala pakhoma la nyumba. Mitengo yomweyo inaonekanso m'magalasi a mashopu, amene poyamba ankangoonetsa thambo lopanda kanthu.

Magalimoto

Magalimoto ndimaika a modelo, osati odula pazithunzi, chifukwa mizere yake yoongoka imaulula msanga ngati inajambulidwa ndi kamera ya msinkhu wina. Ndinaika atatu: Toyota Corolla yotuwa, Hilux yoyera ndi kagalimoto kakang'ono kakuda kobisika theka kuseri kwa mtengo. Onse ndi a mitundu yozizira, kuti chofiira pachithunzi chonse chikhale kadenga ka pakhomo kokha. Malo oimikapo a patsogolo pa khomo ndinawasiya opanda galimoto.

Modelo zambiri zimabwera ndi chiwongolero kumanzere. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja, ndiye ndinazitembenuza ndi `Flip`, kenako n'kukonza zilembo ndi manambala amene anatembenuka nawo. Pa renda yakale galimoto ya mumsewu inkayenda mbali yolakwika. Ukaima m'mbali mwa msewu wathu, magalimoto a mbali yapafupi amachokera kumanja kupita kumanzere. Ine mumsewu sindinaikemo galimoto. Ndinangoika wakabaza wa njinga yakapalasa mbali ya kutali, akulowera kumanja, wosaoneka bwinobwino ngati wajambulidwa akuyenda.

Hilux ija inaulula kanthu kena. Malo oimikapo anajambulidwa mamita 2.5 m'lifupi ndi 5 m'litali, pamene Hilux ya zitseko zinayi ndi yaitali pafupifupi mamita 5.3. Nditaiika pa kukula kwake kwenikweni, kumbuyo kwake kunatulukira pa kanjira ka oyenda pansi. Kuichepetsa pang'ono kuti ikwane kukanatenga mphindi imodzi, ndipo ambiri amatero. Ndinatumiza chithunzicho kwa katswiri wa mapulani, iwo n'kutalikitsa malo a mzere umenewo kufika mamita 5.5.

Anthu

Ndinaika asanu ndi awiri, kuphatikizapo wakabaza. Pa nyumba ya kukula kotere masana apakati pa sabata, chiwerengerochi n'chokwanira kuonetsa kuti malowo ali ndi moyo. Aliyense ali ndi chochita chimene chikulozera kunyumba: mayi ndi mwana akukwera masitepe, bambo uja akutuluka pakhomo, atsikana awiri akucheza pamthunzi wa khonde, mnyamata akuwoloka bwalo kulowera kumashopu. Palibe woyang'ana kamera. Nkhope ikayang'ana kamera, woonera amayang'ananso nkhopeyo, nyumba n'kuiwalika. Patsogolo penipeni sindinaikepo munthu wamkulu, chifukwa akakhala pafupi chotero zolakwika za m'mphepete mwake zimaoneka, ndipo zovala zake zimaposa nyumba.

Zithunzi za anthu ovala monga timavalira kuno n'zosowa m'nkhokwe zogulitsidwa, ndiye timajambula tokha anthu amene avomera, kamera ili pa msinkhu womwewo wa 1.6, titaima patali mamita asanu ndi atatu kapena khumi kuti mapazi asaoneke ngati tawayang'ana kuchokera pamwamba. Pa ntchitoyi ndinasankha okhawo owombedwa dzuwa kumanzere. Awiri anali ndi kuwala kumanja, ndinangowatembenuza, nditaona kaye kuti malaya awo alibe zolemba. Atsikana a pakhonde anachokera ku zithunzi zojambulidwa pamthunzi, chifukwa munthu wowala dzuwa ukamuika pamthunzi, kumudetsa sikuchotsa mizere ya kuwala pankhope ndi paphewa. Poti ndi Juni m'mawa, ena avala majuzi. Chitenje cha mayi uja chinali cha chikasu chowala kwambiri. Ndinachisiya, koma ndinatsitsa `Saturation` mpaka chinasiya kulimbana ndi kadenga.

Zithunzithunzi zawo sindinaganizire ndi mutu. Pamalo pamene munthu aliyense adzaime ndinaimika kandodo ka msinkhu wake mu modelo, n'kutulutsa renda yaing'ono. Kandodo kalikonse kanaonetsa kumene chithunzithunzi chikulowera ndi pamene chikuthera. Zimenezi n'zofunika chifukwa ngakhale mithunzi yonse pansi imalowera mbali imodzi, pachithunzi siyendera limodzi: ya kumanzere ndi ya kumanja imapendekeka mosiyana. Kenako ndinagoneka chithunzithunzi cha munthuyo motsatira kandodoko, pa leya ya `Multiply`, mtundu wake ndikutenga pa mthunzi wa nyumba umene wagwera pa simenti yomweyo. Mthunzi wa masana si wakuda bii, umakhala ndi kabuluu ka thambo. Pansi pa nsapato iliyonse ndinawonjezera kadontho kakuda, kopyapyala. Popanda kadontho kameneko munthu amaoneka wolenjekeka ngakhale chithunzithunzi chake chitakhala cholondola.

Chomaliza pa anthu chinali kufananiza kuda. Chithunzi cha kamera chimakhala ndi malo akuda kwambiri kuposa renda, ndiye thalauza lakuda la munthu woima kutali limatha kuda kuposa chilichonse pa nyumba. Ndi `Levels` ndinachepetsa kuda kwa aliyense mpaka kufanana ndi malo akuda a nyumba amene ali pa mtunda womwewo.

Kuyesa

Ndinaika leya ya `Black & White` pamwamba pa zonse, n'kusokoneza chithunzi ndi `Gaussian Blur` mpaka zinthu zing'onozing'ono zitasowa. Chimene chimatsala ndi madontho owala ndi akuda, ndipo pamene kuwala ndi kuda zagundana kwambiri ndi pamene maso adzayambire. Panatuluka malo awiri: khomo, ndi Hilux yoyera imene inawala kuposa khoma. Ndinaibweza malo amodzi kuti ilowe mumthunzi wa mtengo, n'kuchepetsa kunyezimira kwa penti yake. Nditabweza mitundu ndinachepetsa chithunzi kufika kukula kwa bokosi la machesi, poti eni nyumba ndi ochita lendi adzachiona pa WhatsApp, ndipo kadenga kofiirira kanali koyamba kuoneka.

Amayi eni nyumba atalandira chithunzichi anafunsa ngati kadengako kangatalikitsidwe kuti kafike pamene galimoto imatsitsira anthu nthawi ya mvula, ndipo funsolo linapita kwa katswiri wa mapulani. Anapemphanso chithunzi china cha madzulo, magetsi atayaka. Modelo, mitengo ndi magalimoto zidzagwiranso ntchito mmene zilili, chifukwa zimalandira kuwala kwatsopano zokha. Anthu asanu ndi awiri aja ndi zithunzithunzi zawo sangagwiritsidwenso ntchito, poti kuwala kwa masana kunakhazikika pa zovala zawo, ndiye pa mtengo wa chithunzi chachiwiricho ndinawerengeramo kujambula anthu ena madzulo ndi kuwadula mwatsopano.